Mnzathu Akabwerera ku Nyumba Imene Anathawa

Nkhani ya lero ndi ya mayi amene mnzake wapamtima, atathawa nkhanza za mwamuna wake ndi kusungidwa bwino kwa abwenzi, wamanganso katundu wake nabwerera kwa mwamuna yemweyo. Ndipo funso limene ndifuna kuti tilisanthule mofatsa ndi lakuti, mayi wotsalayo, amene mumtima mwake mwadzala mantha ndi mkwiyo pamodzi, anene chiyani, achinenere kuti, ndipo achinene motani, kuti nkhawa yake imveke popanda mnzakeyo kudziona ngati waimikidwa pabwalo la milandu. Nkhaniyi si ya anthu owerengeka ayi, pakuti kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene anakhalapo pabanja m'Malawi muno, 42 anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa za m'chipinda, kapena kunyozedwa ndi kuopsezedwa. Motero ambiri a ife amene tikumvetsera tili naye mnzathu wotere, ngakhale kuti ena sitinadziwe.

Tiyerekeze amayi awiri ochita malonda pa msika wa Ndirande, wina wogulitsa tomato, wina wogulitsa kaunjika, amene mabenchi awo ayandikana ndipo amasungirana katundu wina akapita kokaoda. Usiku wina wa tomato uja agogoda pakhomo pa mnzake, mwana ali kumbuyo, diso litatupa, nsapato ili imodzi. Wa kaunjika amutsekulira, amutenthetsera madzi, m'mawa apita naye kuchipatala, amugoneka pa mphasa ya ana ake kwa milungu itatu, nadula pakati ndiwo zimene zinali zochepa kale. Kenaka ankhoswe akumana, mwamuna agwada nalira misozi, nanena kuti unali mowa ndipo wausiya. Ndipo tsiku lina wa kaunjika pobwera ku msika apeza chikwama cha mnzake palibe, nauzidwa ndi ana kuti azakhali apita kwawo. Amene zoterezi zinamuchitikirapo adziwa kuwawa kwake. Munthu amaona ngati ufa wake, tulo take ndi misozi yake zatayidwa kudzala, ndipo mawu oyamba kufika pamlomo ndi akuti, “Zikakavutaninso musadzabwere kuno.”

Ndisanafike pa mawu oyenera kunena, ndiyenera kufotokoza chimene chimabweza munthu ku nyumba yotere, chifukwa amene sanachimvetse adzaweruza ngakhale atayesetsa kutseka pakamwa, popeza nkhope yake idzamuulula. Wa tomato uja sanaiwale chibakera. Iye ndiye anachimva. Koma anawerenga zinthu zimene mnzake sanaziwerenge. Lendi ya nyumba amalipira ndi mwamuna, sukulu ya mwana wamkulu ili pafupi ndi kumeneko, mpamba wa tomato unatsala m'manja mwa mwamunayo, ndipo mbale iliyonse ya nsima imene anadya kwa mnzake inkamukumbutsa kuti akudya chakudya cha ana a eni. Pamwamba pa izo, kuyambira tsiku la chilangizo anauzidwa kuti banja ndi kupirira ndi kuti za m'nyumba saulula. Ankhoswe, amene udindo wawo m'mwambo wathu ndi kulunzanitsa, ananena kuti mwamuna wapepesa. Ndipo mwina a kumpingo anamukumbutsa malumbiro ake. Tisabisenso kuti chikondi sichifa tsiku limene munthu wamenyedwa. Katswiri wina wa za maganizo wa ku Amereka, mayi Lenore Walker, anafotokoza mu 1979 kuti m'mabanja ambiri otere nkhanza zimayenda mozungulira: pamayamba nyengo ya kuipidwa ndi kutolatola zifukwa, pafika tsiku la kumenya, kenaka pabwera nyengo ya kupepesa ndi mphatso, imene mkazi amaonanso munthu uja anamukonda pachiyambi. Si banja lililonse limene limatsata njira imeneyi, koma mayi amene wangobwerera kumene nthawi zambiri amakhala m'nyengo yachitatuyo, ndipo mawu onyoza mwamuna wake amagwera pa khutu limene likumva zokoma zokhazokha.

Pali chifukwa chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira, ndicho mantha. Amene amagwira ntchito yothandiza amayi ozunzidwa adziwa kuti nthawi imene mkazi wachoka, kapena walengeza kuti achoka, ndiyo nthawi imene mwamuna wankhanza amaopsa kuposa kale, chifukwa waona kuti ulamuliro ukumupulumuka m'manja. Mayi angabwerere chifukwa anauzidwa pafoni kuti akapanda kutero adzalandidwa ana, kapena kuti nyumba ya amene akumusunga idzayatsidwa moto; ndipo zikatero, kubwerera kumene mnzake akukuona ngati kupusa kungakhale njira imene iye anaisankha poteteza mnzake yemweyo.

Tsono chinthu chimodzi chimene ndifuna kuti mugwire madzulo ano ndi ichi. Mwamuna wozunza mkazi amalimbika kwambiri pa ntchito imodzi, yomulekanitsa ndi anthu ake. Amamuuza kuti anzako a kumsika ndi mahule, achibale ako sandifuna, mnzako wa kaunjika uja ndiye akufuna kupasula banja lathu. Ndipo tsiku limene wa kaunjika akalipira mnzake, kapena kuleka kumulankhula, wamaliza ndi manja ake ntchito imene mwamunayo anaiyamba, nam'patsanso umboni wakuti ankanena zoona. Chifukwa chake cholinga cha kucheza koyamba chisakhale chakuti wa tomato amange katundu kachiwiri. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku lotuluka adzalisankha mwini wake. Cholinga chikhale chakuti iye adziwe zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mnzake akuopa chifukwa cha moyo wake, ndi kuti khomo limene anagogodapo usiku uja silinatsekedwe.

Tiyambe ndi malo. Nkhani yotere isakambidwe pa uthenga wa pafoni, pakuti amuna ambiri ansanje amafufuza foni ya mkazi usiku uliwonse, ndipo uthenga umodzi wachifundo ungakhale chifukwa cha kumenyedwa kwina. Isakambidwenso m'nyumba mwa mwamunayo, ngakhale atachoka, chifukwa mwana wosadziwa kanthu amabwereza zimene wamva, ndipo makoma a nyumba za lendi ndi opyapyala. Pafunika malo amene wa tomato amapitako mwa nthawi zonse popanda kufunsidwa: ulendo wokaoda m'bandakucha, pamzere wa kuchigayo, pobwera ku sikelo ya mwana, kapena potuluka ku banki m'khonde gulu litabalalika. Akhale awiriwiri. Kuitana amayi atatu kapena anayi kuti akamuunikire pamodzi, ngakhale onse atakhala omufunira zabwino, kumasanduka bwalo, ndipo munthu woimikidwa pabwalo amadziteteza.

Wa kaunjika asafulumire kulowa m'nkhani. Alonjere monga mwa masiku onse, afunse za mwana amene ankatsokomola, adandaule za mtengo wa tomato, kuti mnzake aone kuti chibwenzi chawo sichinasanduke nkhani imodzi yokhayo. Mnzakeyo, dziwani, wabwera atakonzeka kale kunyozedwa, ndipo manyazi amulemera kuposa dengu limene wasenza. Pamene mtima wakhala pansi, mawu angakhale otere: “Achemwali, tsiku lija munapita osatsanzika, ndipo ndinaganiza kuti mwina mumaopa kuti ndikwiya. Sindinakwiye nanu. Banja ndi lanu, ndipo mudziwa zambiri zimene ine sindizidziwa. Koma ndikanama ndikati mtima wanga uli m'malo, chifukwa diso lija ndinalithowa ndine, ndipo usiku ndikamva galu akuuwa ndimaganiza za inu. Kodi masiku ano kunyumba kuli bwanji?”

Taonani mmene mawu amenewa aikidwira. Mwamuna sanatchulidwe chilombo kapena mfiti, pakuti mkazi amene wasankha kubwerera akamva mwamuna wake akunyozedwa amamva kuti nzeru zake ndizo zikunyozedwa, ndipo ayamba kumuikira kumbuyo, nanena zabwino zake zonse mpaka iye mwini atazikhulupirira koposa poyamba. M'malo mwake wa kaunjika watchula chimene anachiona ndi maso ake, diso lotupa, chimene palibe angachitsutse. Wanena za mantha a iye mwini, amene ndi ake ndipo sangakanidwe. Ndipo wamaliza ndi funso limene silingayankhidwe ndi inde kapena ayi. Mulibe funso lakuti munabwereranji, chifukwa funso limenelo, ngakhale litanenedwa ndi mawu ofewa chotani, limafuna kuti munthu adziyankhire mlandu. Mulibenso kuwerengetsa za milungu itatu ija ndi ufa umene unadyedwa, pakuti thandizo likasanduka ngongole, munthu sabweranso kudzakongola kachiwiri.

Atafunsa, akhale chete ndithu. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osanena kanthu, ndipo anayamba kumupweteka pamene anatsekula pakamwa kuti am'fotokozere chifukwa cha masautso ake. Wa tomato angayankhe kuti, “Zinatha zija, bambo ake mwana anasintha, dzana anandigulira chitenje.” Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa mtima umafuna kuseka chitenjecho. Yankho loyenera ndi kuvomera chimene chili chabwino osataya chimene chili choona: “Ndithokoza Mulungu ngati kuli mtendere, ndipo ndikufunirani kuti upitirire. Chokhacho ndinene, kuti zimene zinachitika usiku uja simunazichititse ndinu, ngakhale ndiwo zikanapsa kapena mukanachedwa kumsika. Ndipo zikadzayambanso, kaya ndi pakati pa usiku, kaya ndi kachitatu kapena kachisanu, mudzagogode, sindidzakufunsani chilichonse.” Mawu akuti simunazichititse ndinu ndi ofunika kuwanena poyera, chifukwa mayi wozunzidwa wakhala akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti pakamwa pake ndi pamene pamaputa ndewu, mpaka anafika povomereza.

Mudzadziwa bwanji kuti kucheza kwalakwika? Zizindikiro zake sizibisika. Mnzanu ayamba kutchula zabwino za mwamuna motsatizana ngati akuwerenga, ayang'ana kumbali, akumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya madzi pamoto, ndipo mawa lake adzera njira ina kapena asamutsa benchi. Mukaona choyamba mwa izi, lekani pomwepo, nenani kuti mwina mwalankhula mopitirira, ndipo bwererani ku nkhani ya malonda; palibe chimene chatayika, popeza mawu anu awamva ndipo adzawakumbukira pa tsiku lake. Kucheza kwayenda bwino ngati iye ayamba kunena yekha tinthu ting'onoting'ono, monga kuti ndalama za tomato amazipereka zonse madzulo, kapena kuti sanaloledwe kupita ku maliro kwawo. Mawu oterewa ndi kuyesa madzi kuti aone ngati mudzakalipa, ndipo muwalandire mofatsa, mukufunsa kuti, “Nanga inu zimenezo mukuziona bwanji?”

Koma ndingakhale ndikukunamizani ndikati kusaweruza ndi kungokhala wofewa nthawi zonse. Pali zinthu zina zimene mnzanu akazitchula muyenera kulankhula mosapsatira, chifukwa ndi zimene zimatsogolera imfa. Mufunseni modekha ngati mwamunayo anam'kanyangapo pakhosi. Ngati anam'tengerapo mpeni, chikwanje kapena chida china. Ngati ananenapo kuti adzamupha kapena adzadzipha yekha. Ngati anam'menyapo ali woyembekezera. Ndi ngati kumenyako kukuchulukira ndi kukulirakulira. Mwa zonsezi ndiikepo mtima pa kukanyanga pakhosi, chifukwa amayi ambiri sakuwerengera, popeza nthawi zambiri sikusiya bala looneka. Kafukufuku wa ku Amereka wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti kwa mkazi amene mwamuna wake anam'kanyangapo pakhosi, chiopsezo chodzaphedwa ndi mwamunayo chimakula pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi mkazi wozunzidwa amene sanachitidwepo zotero. Mukamva mnzanu akulankhula mosasa mawu popanda chimfine, akuvutika kumeza, kapena muona timadontho tofiira m'maso mwake, funsani. Ndipo ngati n'zimene zachitika, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti pakhosi pangatupe mkati patapita maola. Apa wa kaunjika anene motere: “Achemwali, chosankha ndi chanu ndipo sindikulandani, koma chimene mwandiuzachi ndi chimene chimapha amayi, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina sadzasiya msanga. Ndiloleni tikonzekere limodzi, ngakhale mukukhalabe komweko.” Kumeneku si kuweruza, chifukwa sakunena za nzeru za mnzake kapena khalidwe lake, akumuuza choona chimene iye ayenera kuchidziwa posankha.

Kukonzekera kumeneku n'kotheka mayi asanachoke, ndipo n'chifukwa chake sikumuopsa kukulandira. Wa kaunjika angasunge kwake kachikwama kokhala ndi chiphaso cha unzika kapena chithunzi chake, timabuku ta kuchipatala ta mayi ndi ana, zovala zosinthira, mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zokwanira kukwera minibasi mpaka kwa achibale. Ndalamazo zikhale zogwirika m'manja, chifukwa za pafoni zimasiya uthenga umene mwamuna angauwerenge. Apangane mawu achinsinsi osachititsa chidwi, monga akuti “ndibwerekeni sefa,” amene akanenedwa pafoni kapena kutumidwa mwana atanthauze kuti bwerani ndi anthu. Wa tomato aganizire mnansi mmodzi wokhulupirika amene akamva phokoso adzagogoda kapena kuitana achitetezo a m'dera. Ndipo ndewu ikayamba, ayesetse kukhala pafupi ndi khomo lotulukira, asathawire kumene kuli mipeni, mbaula ya moto kapena madzi otentha. Tsiku limene adzatsimikize zochoka, asalengeze pakati pa mkangano. Achoke mwamuna kulibe.

Ayeneranso kuuzidwa, kamodzi ndi momveka, kumene kuli thandizo loposa la mnzake. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, limene limapatsa khoti mphamvu yotulutsa chikalata choletsa wozunza kuchita nkhanza kapena kuyandikira wozunzidwa, ngakhalenso cholamula kuti mkazi akhale m'nyumba ndipo mwamunayo ndiye atuluke. Ndipo kupempha chikalata chotere si kuthetsa ukwati, mfundo imene imamasula amayi ambiri amene safuna kuti banja lithe koma kuti kumenya kuthe. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, imene anthu amangoti ku Vikitimu. M'zipatala zina zikuluzikulu, monga cha Kwinzi mu Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Ndipo amene wagwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo koyambitsa Edzi. Pali nambala yaulere ya 5600, ya bungwe la YONECO, yoimbapo nkhani za nkhanza zotere. Nambalayi aiiloweze pamtima m'malo moilemba m'foni, ndipo akaimba afufute. Wa kaunjika angadzipereke kumuperekeza, koma asamukokere kumeneko, ndipo asakanene yekha mnzake asanalole, kupatula pamene moyo uli pangozi nthawi yomweyo, pamene palibenso zodikira chilolezo cha munthu.

Chinthu china chimene chimaoneka ngati kulimba mtima koma chimabala tsoka ndicho kukakumana ndi mwamunayo kuti mumudzudzule. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Inu mudzanena zakukhosi nimupita kwanu kukagona, koma mnzanu ndiye adzatsekeredwa naye m'nyumba usiku umenewo, nafunsidwa chifukwa chimene akuulutsira za m'banja. Chimodzimodzinso kuthamangira kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo iye asakudziwa: ena mwa iwo ndi anthu anzeru amene amaika moyo patsogolo, koma ena adzaitana awiriwo pamodzi, ndipo mkazi sangathe kunena zoona pamaso pa munthu amene abwerera naye kunyumba. Ngati wa tomato afuna kuti ankhoswe amve, wa kaunjika amulangize kuti ayambe waonana ndi nkhoswe ya kuchikazi payekha. Ndipo nkhani imene yanenedwa panjira ya kuchigayo ithere pomwepo, isafike ku gulu la amayi ngakhale m'dzina la kupempherera.

Malire alipo pa ana. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha kumene akhale, ngakhale ife titaona kuti wasankha moika moyo pachiswe. Mwana alibe ufulu umenewo, ndipo ngati wa kaunjika aona zipsera pa mwana kapena amva kuti mwana akugwiriridwa, amuuze mnzake maso ndi maso kuti ichi chokha sangachisunge, ndipo aimbe pa 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena apite kwa a zachisamaliro cha anthu a pa boma.

Chotsala ndi kubwerabwera, ndipo ndiyo mbali yotopetsa. Wa tomato angathawenso ndi kubwereranso, monga amachitira amayi ambiri asanachoke kotheratu, ndipo wa kaunjika, pokhala munthu wa thupi ndi magazi wokhala ndi ana ake ndi mwamuna wake, ali ndi ufulu wonena chimene angathe ndi chimene sangathe. Ngati kumusunga m'nyumba kwayamba kuika ana ake pangozi chifukwa mwamuna uja wadziwa khomo, anene poyera kuti, “Usiku woyamba mudzagona kwathu, koma m'mawa ndidzakuperekezani kwa azakhali anu ku Chiradzulu, chifukwa kuno akudziwako,” ndipo zimenezi zipanganidwe kukali bata. Pakati pa masiku, asamafunse za banja nthawi iliyonse akakumana. Alonjere, asungirane katundu monga kale, amuitane ku zinkhoswe ndi ku mapemphero, ndipo pakapita mlungu kapena iwiri, ali awiri panjira, afunsenso kuti kunyumba kuli bwanji. Wa tomato akajomba kumsika masiku awiri popanda uthenga, wa kaunjika atenge mnzake wina apite masana, atanyamula ndalama ya tomato amene anamugulitsira, kuti akhale ndi chifukwa chomveka choimira pakhomo ndi kumuona ndi maso.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Nambala zija ndibwereze kwa amene sanazigwire: 5600 pa nkhanza za m'banja, ndi 116 pa nkhani za ana, zonse zaulere.